Mmene anthu anaphunzirira kuyeza kutalika kwa chivomezi popanda kudalira wotchi

Mu Epulo 1889, chipangizo cha Ernst von Rebeur-Paschwitz ku Potsdam, m'dziko la Jeremani, chinagwedezeka popanda aliyense kumva kanthu. Patapita nthawi zinadziwika kuti tsiku lomwelo ku Japani kunachitika chivomezi. Apa akatswiri anaona kuti chivomezi chimatha kujambulidwa kutsidya lina la dziko. Koma funso linatsala: munthu amene ali ndi pepala la mizere yokhotakhota yokha, angadziwe bwanji kuti gwero lake lili kutali motani?

Vuto lalikulu linali nthawi. Palibe ankadziwa mphindi yeniyeni imene thanthwe lathyoka pansi, ndipo mawotchi a malo oyezera osiyanasiyana ankasemphana. Mafunde a chivomezi amayenda makilomita angapo pa sekondi imodzi, choncho wotchi yotsalira ndi theka la mphindi imasocheretsa munthu ndi makilomita oposa 100.

Yankho linali pa pepala lomwelo. Kalekale, cha m'ma 1830, katswiri wa masamu wa ku Falansa, Poisson, anali ataonetsa kuti m'chinthu cholimba mumadutsa mafunde a mitundu iwiri. Ena amapana ndi kutambasula thanthwe motsata njira imene akulowera, ndipo ndiwo aliwiro. Ena amalipotokola cham'mbali, ndipo amachedwerapo. Lero oyambawo timawatchula P, achiwiriwo S. Ku Japani, Fusakichi Omori anaona kuti kunjenjemera kwakung'ono kumene kumayamba kusanafike kugwedezeka kwamphamvu kumatenga nthawi yaitali ngati chivomezi chili kutali, ndipo anapeza kuti sekondi iliyonse ikuimira makilomita pafupifupi 7.4. Richard Dixon Oldham, amene anafufuza chivomezi chachikulu cha ku Assam, m'dziko la India, cha 1897, ndiye anasiyanitsa bwinobwino pa zojambula mafunde a P, a S ndi oyenda pamwamba pa nthaka, mu 1900.

Chimene chimandikhutiritsa pa njirayi n'chakuti mafunde onse awiri amanyamuka pamodzi ndipo amalembedwa ndi chipangizo chimodzi. Wotchi itsogole kaya itsalire, mpata wa pakati pa P ndi S susintha, bola masekondi ake akhale oyenda bwino.

Tiyese ndi manambala. M'miyala ya chigoba cha dziko, P amayenda makilomita pafupifupi 6 pa sekondi, S pafupifupi 3.5. Chivomezi chikachitika pa mtunda wa makilomita 84, P afika patatha masekondi 14, S patatha 24. Woyeza saona 14 kapena 24, chifukwa sakudziwa pamene zinayambira. Chimene akuona ndi mpata wa masekondi 10 basi. Pa liwiro limeneli sekondi iliyonse ya mpatawo ikuimira makilomita 8.4, choncho akachulukitsa 10 ndi 8.4 apeza 84 uja, ndipo akabwerera m'mbuyo masekondi 14 kuchokera pamene P anafika, wapezanso nthawi imene chivomezicho chinayamba. N'chifukwa chake ambiri amangoti: sekondi imodzi, makilomita 8.

Nambalayo siuza mbali. Imangoti gwero lili penapake pa mzere wozungulira malo oyezerawo. Malo achiwiri akajambula mzere wawo, iwiriyo imakumana pa malo awiri, ndipo wachitatu ndiwo umasankha.

Nthawi zambiri mizere itatuyo sikumana ndendende, ndipo apa m'pamene pali phunziro. Mtunda umene tapeza ndi wokafika pansi pamene thanthwe lathyoka, osati pamwamba pa nthaka. Ngati chivomezi chathu cha makilomita 84 chinali chakuya makilomita 50, malo a pamwamba pake ali pa makilomita pafupifupi 67 okha. Mizere yonse ikapitirirana n'kusiya kadanga pakati, woyeza wozindikira amaganizira kaye za kuya. Palinso vuto la maso: P amaoneka msanga chifukwa amafika pepala lili phee, koma S amafika nthaka ikunjenjemera kale. Kumuphonya ndi masekondi awiri ndi kuphonya makilomita 17.

Lamulo la makilomita 8 limagwira pa zivomezi zapafupi zokha. Mafunde ochokera kutali amalowa mkati mwa dziko, mmene miyala imawathamangitsa kwambiri, ndiye mpata sukula mofanana ndi mtunda. Zimenezi zinafuna ndandanda ya nthawi zoyendera mafunde, ndipo imene Harold Jeffreys ndi Keith Bullen anatulutsa mu 1940 inagwira ntchito zaka makumi angapo. Mtunda ukapitirira madigiri pafupifupi 104 a kuzungulira kwa dziko, S wolunjika safikanso, chifukwa njira yake imagunda chigawo chamadzimadzi cha pakatikati pa dziko, chimene mafunde opotokola sangadutse. Kumeneko woyeza amasiya S n'kuyang'ana mafunde ena amene abwerera kapena kusintha mtundu ali m'njira.