Mayi akasiya kulandira dzanja lanu, si mwano

"Pamsonkhano ku Mangochi ndinapereka dzanja kwa mayi wina wachisilamu, koma sanalilandire, maso ali pansi. Kodi si kunyoza kumeneku?"

Ayi achimwene, mayiwo sanakunyozeni. Asilamu ambiri amapewa kukhudzana ndi munthu amene angathe kukwatirana naye. Bambo, mchimwene, mwana kapena malume amagwirana naye chanza bwinobwino, koma inu ndinu mlendo. Palinso nkhani ya udhu, kusamba kokonzekera swala. M'chiphunzitso cha Shafii, chomwe Asilamu ambiri kuno amatsatira, khungu la mwamuna likakhudza la mkazi wotere udhu umaonongeka, ndiye mukanawapatsa ntchito yokasambanso nthawi ya swala itayandikira.

Kuzolika nakonso kuli ndi gwero. Korani, sura 24 ndime 30 ndi 31, imauza amuna poyamba, kenako akazi, kuti azitsitsa maso. Zimandiwawa ndikamva anthu akuti woyang'ana pansi akubisa kanthu, chikhalirecho ifenso kwathu mkamwini sapenyetsetsa apongozi ake, amawalonjera ali chapatali.

Tsiku lina imani patali pang'ono, poti dzanja silingafike, perekani moni ndi pakamwa, manja mutawagwira pamodzi kapena lamanja lili pachifuwa. Yang'anani nkhope mwachidule, osati kutong'ola maso. Akayamba okha kutambasula dzanja, lilandireni, chifukwa si onse amapewa. Ngati mwalitambasula kale, libwezereni pachifuwa n'kupitiriza moni, osawafunsa chifukwa pagulu.