Kalata yosonyeza kuti ndinu mbeta: musanakamange ukwati kunja

Mlembi wa maukwati wa ku Joni kapena ku Germany alibe njira yodziwira ngati munthu wochokera ku Ndirande anasiya mkazi kumudzi. Mabuku athu sangawaone. N'chifukwa chake amafuna kuti boma la kwanu likuchitireni umboni polemba kuti palibe chokuletsani kumanga ukwati. Pa mafomu kalatayi imalembedwa kuti Certificate of No Impediment, ndipo kuno ku Blantyre nkhani zotere mumapita nazo ku ofesi ya Rejisitara Jenerale.

Wolamula ngati kalatayi ikufunika ndi dziko lomwe ukwatiwo ukachitikire. Ku South Africa mlendo amafunsidwa kalata yotere yochokera kwawo. Malamulo a ku Germany nawonso amaifuna, ndipo kumeneko imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Ku Mangalande kawirikawiri saitchula. Iwo amafuna viza yoyenera, komanso kuti mukapereke chidziwitso ku ofesi yawo kusanakwane tsiku la ukwati ndi masiku osachepera 29. Choncho musanapite ku ofesi iliyonse kuno, wokondedwa wanu akafunse kwa mlembi weniweniyo amene adzakumangitseni ukwati, ndipo yankho likhale lolemba: akufuna mapepala ati, okhala ndi chidindo chanji, olembedwa liti.

Mapepala okonzeratu si ambiri: pasipoti, chiphaso cha unzika, tsatanetsatane wa munthu amene mukufuna kukwatirana naye, ndi chikalata cholumbira pamaso pa loya kapena majisitireti kuti muli pa umbeta. Wofedwa amaonjezera satifiketi ya imfa ya mnzake. Wosudzulidwa amaonjezera chigamulo cha khothi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakodwa.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Chilomoni amene anachita chinkhoswe mu 2016. Mu 2019 banja linasokonekera, mayi anabwerera kwa makolo awo, ankhoswe anakumana kawiri n'kutopa. Bamboyu anapita ku Joni, ndipo lero akufuna kukwatira mayi wa kumeneko. Iye amadziona ngati mbeta, poti ku tchalitchi sanapiteko, kwa DC sanasayineko. Koma lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa pachikhalidwe mofanana ndi wa ku boma ndi wa kuchipembedzo. Kupatukana, ngakhale kwa zaka zambiri, sikuthetsa ukwati. Akalumbira kuti sanakwatirepo, walumbira bodza, womwe ndi mlandu paokha. Ndipo ukwati wa ku boma ku South Africa ndi wa mkazi mmodzi. Ukamangidwa pamwamba pa ukwati wina womwe udakalipo, khothi likhoza kudzagamula kuti sunakhalepo n'komwe.

Zoterezi siziululika pa tsiku la keke ndi zithunzi ayi. Zimatuluka maliro akachitika, mkazi woyamba akabwera ndi ankhoswe ake kudzafunsa za nyumba ndi ndalama za penshoni. Mayi wachiwiri, amene sanalakwe kanthu, ndiye amatsala manja ali m'khosi. Chomwe bamboyu ayenera kuchita ndi kuyamba wapita ku khothi la majisitireti, ukwati woyamba uthe mwalamulo, atenge chigamulo cholembedwa, kenako akapemphe kalata ija.

Kalata ikatuluka ntchito sinathe, chifukwa mlembi wa kunja sadziwa siginecha ya ofisala wa kuno. Malawi analowa mu 1967 m'pangano la ku Hague la 1961, lomwe limalola chidindo chimodzi chotchedwa apositilo kuti chikwanire m'mayiko ambiri a m'panganolo, kuphatikizapo South Africa. Kwa dziko lomwe silili m'panganolo njira ndi yaitali: kalata imadzera ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena ku Lilongwe, kenako ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Ngati kumeneko amalankhula Chipwitikizi, monga ku Mozambique, yembekezeraninso kulipira womasulira wovomerezeka.

Kuwerengera masiku n'kofunika. Mukaitenga mochedwa, zidindo sizidzatha ukwati usanafike. Mukafulumira kwambiri, idzakhala itatha mphamvu, pakuti maofesi ambiri salandira kalata yopitirira miyezi 3 kapena 6, ndipo amawerenga kuchokera tsiku lomwe inalembedwa, osati tsiku la chidindo chomaliza. Ngati ukwati uli mu Disembala ndipo malire ndi miyezi 3, kalata yolembedwa mu Ogasiti ndi pepala chabe.

Musanachoke pa kauntala, yerekezani dzina lanu pa kalatayo ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Kuno Chimwemwe ndi Chimwenwe timangoseka n'kupitirira, koma kwa mlembi wa kunja amenewo ndi anthu awiri, ndipo kukonza kumafuna kuti kalata ibwerere ku Blantyre, zidindo ziyambirenso.