Maola 5 pa sabata: mmene munthu amene ali kale pa ntchito angasakire ina

Munthu wolowa ntchito 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka n'kugwiranso mpaka masana, nthawi yothamangira malonda onse a ntchito alibe. Lamulo la ntchito la 2000 limalola abwana kukugwiritsani mpaka maola 48 pa sabata, ndipo yotsalayo imathera pa ulendo, banja, mapemphero ndi maliro. Ambiri amati akatopa ndi pamene ali, amakhala pansi usiku umodzi n'kutumiza kalata yomweyomweyo kumalo 15, kenako n'kukhala miyezi iwiri osachitanso kanthu. Njira imeneyi siibala. Ife timalangiza maola 5 okha pa sabata, ogawidwa bwino, ndipo chotulukamo chikhale makalata awiri olembedwa mosamala. Awiri basi.

Tiyerekeze ndi kalaliki wosunga katundu pa shopu ina yaikulu pa Kamuzu Road ku Salima. Ali ndi MSCE ndi dipuloma ya zogulagula, wagwira zaka 4, ali ndi foni yamakono koma kompyuta alibe. Akufuna ntchito yomweyo pamalo olipira bwinoko, kaya ku Salima konkuno, ku Dwangwa kapena ku Lilongwe.

Sabata yoyamba asatumize kalata iliyonse. Maola onse 5 apite pa mapepala. Alembe chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito zake, chija timati sivi, chosapitirira masamba awiri. Apange mafotokope a satifiketi ndi chiphaso cha unzika, akadinditse kwa majisitireti kapena loya, chifukwa olemba ntchito ambiri, makamaka aboma ndi makhonsolo, amafuna makope odindidwa. Ofesi zodinda zimatsegula nthawi yomwe iye ali pa ntchito, choncho apemphe ola limodzi kamodzi kokha n'kudinditsa magulu atatu kapena anayi nthawi imodzi. Akatero apite kumene amapanga fotokope akajambulitse mapepalawo pa makina kuti akhale PDF, asunge mu foni ndiponso adzitumizire pa imelo yake. Chithunzi chojambula ndi foni pa mphasa, chamthunzi ndi chopendekera, chimagwetsa munthu asanaonedwe n'komwe.

Kuyambira sabata yachiwiri zinthu ziyende motere. Lolemba ndi Lachinayi, mphindi 30 pa nthawi ya nkhomaliro, ntchito yake ndi kutola malonda a ntchito, osati kulemba. Aone The Nation ndi The Daily Times, ndipo ngati kuntchito sagula nyuzi, agwirizane ndi mnzake wa ku ofesi ina kuti azimujambulira masamba a ntchito. Aonenso masamba a pa intaneti ndi magulu a WhatsApp, koma awiri kapena atatu okhazikika, chifukwa ambiri amangokoperana zomwezomwezo. Kamodzi pa sabata adutse pa bolodi la kwa DC ndi ku ofesi ya leba, poti ntchito zina za m'boma momwemo zimangomatidwa pakhoma osafika m'nyuzi. Chilichonse chimene chamukopa achijambule, ndipo mu kope alembe zinthu zitatu: dzina la ntchito, tsiku lotsekera, ndi njira yotumizira. Tsiku lotsekera ndilo likulamula sabata yonse.

Lachitatu madzulo, ola limodzi, ndi lopeta. Apa m'pamene anthu ambiri amataya nthawi chifukwa cha chisoni chotaya malonda ooneka okoma. Tinene kuti kalaliki wathu watola malonda 8 kuyambira Lachinayi lapita. Atatu akufuna digiri: achoke, chifukwa osankha mayina amayamba ndi kuchotsa onse osakwanitsa maphunziro amene alembedwa, ndipo kalata yokoma siifika n'komwe powerengedwa. Amodzi akufuna munthu wa zaka 8 pa ntchito, iye ali ndi 4: achoke. Akanati zaka 5, akanayesa, poti kupelewera chaka chimodzi nthawi zina amakulekerera ngati zina zonse zilipo. Amodzi ndi a ku Karonga, kontirakiti ya miyezi 6: kusiya ntchito yokhazikika chifukwa cha imeneyi n'kutaya nkhwangwa ndi mpini womwe. Amodzi akuti mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ya fomu: awa ndi akuba, ntchito yeniyeni salipiritsa. Atsala awiri, wina wa ku kampani ina ku Dwangwa, wina wa ku loji ina ku Senga Bay.

Mphindi zotsala za Lachitatu atenge malonda awiriwo, akopere mu kope zofunika zake chimodzichimodzi, ndipo pambali pa chilichonse alembe umboni wochokera pa ntchito imene akugwira. Ngati akufuna wodziwa kuwerengetsa katundu, iye asalembe kuti ndi wolimbikira ndi wokhulupirika, zimenezo aliyense amalemba. Alembe kuti amawerengetsa katundu wa mitundu pafupifupi 300 mwezi uliwonse, amalandira malole awiri pa sabata, amayang'anira anyamata atatu, ndipo amalemba zonse pa Excel. Manambalawo akhale oona, chifukwa adzafunsidwa pa intavyu. Asaululemo zinsinsi za abwana, monga ndalama zimene shopu imapanga.

Loweruka masana, akaweruka ndi kudya, maola awiri ndi theka ndiwo mtima wa dongosololi. Ola limodzi pa kalata iliyonse, theka la ola lotumizira. Kalata ikhale tsamba limodzi: ndime yoyamba itchule ntchitoyo ndi kumene anaiona, yachiwiri ndi yachitatu zitenge umboni uja wa Lachitatu, yomaliza inene kuti angayambe liti. Pa sivi asinthe mizere yapamwamba yokha kuti zimene malo amenewa akufuna zioneke msanga. Vuto lofala kwambiri ndi kutumiza ku Senga Bay kalata imene idakali ndi dzina la kampani ya ku Dwangwa, ndipo zimachitika munthu akamalemba mothamanga pamwamba pa kalata yakale. Mankhwala ake ndi kuwerenga mokweza mutu ndi ndime yoyamba asanatumize.

Potumiza pa imelo, atsatire mawu a m'malondamo ndendende. Ngati ati mutu wa imelo ukhale dzina la ntchito kapena nambala yake, ukhale womwewo, chifukwa ofesi zina zimasanja makalata poyang'ana mutuwo ndipo osiyana nawo amasochera. Ngati ati zonse zikhale PDF imodzi, aphatikize. Failo aipatse dzina lake, osati `IMG_2041` kapena `scan001`. Ayambe wadzitumizira yekha n'kutsegula, aone ngati masamba onse alipo ndipo sanazondoke. Akatumiza ayang'ane mu `Sent`, chifukwa netiweki ikafooka imelo yolemera imakakamira mu `Outbox` mwini wake n'kumati yapita. N'chifukwa chake sitifuna kutumiza tsiku lotsekera: magetsi akazima pa fotokope kapena bandulo ikatha, mwayi wapita.

Nanga malonda otuluka Lolemba n'kutsekera Lachisanu? Pamenepo ola la Lachitatu lisanduke lolemba, ndipo Loweruka alembe kalata imodzi yokha. Ofuna kalata ya pa positi amafunika kutumiziridwa kudakali sabata yathunthu. Ikakhala yoperekedwa pamanja ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, atume munthu wodalirika amene akupita komweko, ndipo amuuze kuti akalembetse m'buku la pa geti kapena ajambule poponya m'bokosi.

Theka la ola lotsala ndi la Lamulungu, kapena Lachisanu madzulo kwa ena, ndipo ndi la anthu. Aimbire munthu mmodzi kapena awiri a ntchito yofanana ndi yake: mnzake wa ku koleji, abwana akale, wogulitsa katundu amene amazungulira makampani ambiri. Asapemphe kuti "mundipezere ntchito", mawuwo amalemetsa munthu n'kumusiya wopanda chochita. Anene chimene akufuna, kuti akusaka ya kusitolo kapena yogula katundu, ku Salima, Nkhotakota kapena Lilongwe, ndipo akamva kanthu amuuze. Nthawi yomweyi akumbutsenso anthu atatu omuchitira umboni kuti wawalemba pa ntchito yakuti. Wochitira umboni amene waimbiridwa mwadzidzidzi n'kuyamba kufunsa kuti "ndani ameneyo?" amawononga zonse.

Popeza adakali pa ntchito, asamale. Asagwiritse imelo, pirinta kapena foni ya kuntchito. Abwana apano asawalembe ngati mboni asanawauze, koma alembe akale kapena mphunzitsi wake, ndipo pa intavyu anene kuti apanowo afunsidwe pokhapokha zikatheka. Asungenso masiku atatu kapena anayi a tchuthi. Lamulo limapereka masiku 18 pa chaka kwa wogwira masiku 6 pa sabata ndi 15 kwa wogwira masiku 5, ndipo intavyu ya ku Lilongwe imadya tsiku lathunthu, nthawi zina n'kugona komweko ngati ikuyamba 8 koloko. Kunamizira matenda kapena maliro n'koopsa m'tauni yaing'ono ngati Salima, kumene wina amakuona ukukwera minibasi utavala taye. Sabata imene waitanidwa ku intavyu, asalembe makalata atsopano. Maola onse apite pokonzekera, kuyambira pa kalata imene anatumiza, ndiye asunge kope la kalata iliyonse.

Kope lolembamo malonda lija limagwira ntchito ina pakatha masabata 8 akutumiza makalata. Pofika pamenepo atakhala atatumiza makalata 12 mpaka 16. Kusayankhidwa pa amodzi si chizindikiro, malo ambiri amalemberatu kuti adzayankha osankhidwa okha. Koma ngati pa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe wamuitana, cholakwika chili pa kupeta kapena pa sivi, ndipo sabata yotsatira apereke mapepala ake kwa munthu amene amakhala nawo posankha antchito kuti amuuze mosabisa. Ngati akuitanidwa koma osatengedwa, mapepala ali bwino, afunika kuyeserera kuyankha mafunso mokweza ndi mnzake. Ngati sabata zambiri akulephera kupeza malonda awiri omuyenera, wapanikiza kwambiri dera kapena dzina la ntchito, afutukule chimodzi mwa ziwirizi.

Akamufunsa kuti angayambe liti, ayang'ane kontirakiti yake. Wolandira pa mwezi lamulo limati apereke notisi ya mwezi umodzi, apo ayi alipire malipiro a nthawiyo, ndipo makontirakiti ena amafuna yoposa apo. Asapereke notisi chifukwa cha foni yoti "mwapambana". Adikire kalata yolembedwa yotchula malipiro, tsiku loyambira ndi kutalika kwa nthawi yoyesedwa, chifukwa m'nthawi imeneyo, imene lamulo limalola kufika miyezi 12, mbali iliyonse ingathetse ntchito popanda notisi. Kalatayo ikafika aisaine, asunge kope lake, ndipo mawa lake apereke notisi yolembedwa ndi kupempha kalata yotsimikizira zaka zimene wagwira pamalopo pamodzi ndi nambala yake ya penshoni.