Nambala ya foni ikatembenuka pakati pa mawu achiarabu

Mwezi watha shehe wina wa kuno ku Dedza anabwera pamalo anga osindikizira zikalata ndi chidziwitso cha madrasa. Mzere umodzi unali wachiarabu, kumapeto kwake kuli nambala ya foni. Tiyerekeze kuti inali 0000 111 222. Ndinaitayipa bwinobwino, koma pa sikirini inaoneka 222 111 0000. Shehe anandiyang'ana nati, "Achimwene, makina anuwa adwala?"

Sanadwale. Kompyuta imasunga zilembo m'ndondomeko imene mwazitayipira, koma poziyala pa sikirini imatsatira malamulo a Unicode, ndondomeko ya zilembo za m'makompyuta padziko lonse, okhudza zolemba zoyenda mbali ziwiri. M'malamulowo zilembo zili m'magulu. Zachiarabu zili ndi mbali yake yokhazikika, kuchoka kumanja kupita kumanzere. Zathuzi nazonso zili ndi yake, kuchoka kumanzere. Manambala amayenda kuchoka kumanzere ngakhale m'Chiarabu momwe, n'chifukwa chake 111 kapena 265 satembenuka mkati mwake. Vuto lili pa mpata umene timasiya pakati pa manambala. Mpata ulibe mbali, umangotengera anansi ake, ndipo pa nkhani imeneyi lamulo limawerengera manambala a m'mzere wachiarabu ngati anansi oyenda kuchoka kumanja. Choncho kompyuta siona nambala ya foni imodzi. Imaona timagulu titatu, n'kutindandalika monga mawu atatu achiarabu: koyamba kumanja, komaliza kumanzere.

Chizindikiro chake n'chomwecho: mkati mwa kagulu zonse zili bwino, koma timaguluto tasinthana malo. Mukayamba ndi +265, mtanda uja umathawiranso kumanja kwa 265. Kuika kamzere m'malo mwa mpata sikuthandiza m'Chiarabu. Koma nthawi ngati 14:30 siisokonezeka, chifukwa madontho awiriwo amamanga manambala a mbali zonse kukhala chinthu chimodzi.

Ambiri akaona zimenezi amangotayipa timaguluto chobwerera kuti pa sikirini pawoneke bwino. Ine njira imeneyi ndimadana nayo. Papepala imabisala, koma munthu akakopa nambalayo n'kuiika mufoni kapena mu uthenga wa Chichewa, imatuluka monga munaitayipira, ndiye kuti yolakwika, ndipo aimbira munthu wina kapena kutumiza ndalama kolakwika. Mayeso ake ndi omwewo: kopani nambalayo, muiike pa mzere wopanda Chiarabu. Ikatuluka yotembenuka, wina anachita chinyengo chimenechi.

Njira yoona ndi kuuza kompyuta kuti nambala yonseyo ndi chinthu chimodzi choyenda kuchoka kumanzere. Pali chilembo chosaoneka chotchedwa LRM, nambala yake U+200E. Sichitenga malo, koma malamulo amachiwerengera ngati chilembo chathu. Mukachiika patsogolo penipeni pa ziro woyamba, manambala onse otsatira amatengera mbali yake, mipata nayonso n'kugonja. Ndi chimene tinachita pa chidziwitso cha shehe, ndipo timaguluto tinabwerera m'malo mwake nthawi yomweyo. Pa tsamba la intaneti n'kosavuta kwambiri:

```
<p dir="rtl">هاتف <span dir="ltr">0000 111 222</span></p>
```

Kuyambira 2013 Unicode inawonjezera zilembo zina ziwiri zosaoneka, U+2066 potsegula ndi U+2069 potseka, zimene zimatchingira nambala kapena mawu achilendo ngati mpanda kuti asakokane ndi zapafupi. N'zabwino kuposa LRM pamene nambala yatsatiridwa ndi mawu ena, koma mapulogalamu ena akale sazizindikira, mwina amangojambula timabokosi.

Chimene ndimakumana nacho kawirikawiri, komabe, ndi chosiyana ndi cha shehe: chiganizo cha Chichewa chokhala ndi liwu limodzi lachiarabu, kenako nambala. Mlembi wa komiti ya mzikiti amalemba "Tikumana", liwu lachiarabu la Lachisanu, kenako "14 Malichi". Pa sikirini 14 uja amalumpha n'kukakhala kumanzere kwa liwu lachiarabu, kutali ndi Malichi wake. Chifukwa chake n'chakuti nambala imayang'ana chilembo chokhazikika chimene chaitsogolera, ndipo pano chaitsogolera ndi chachiarabu, ndiye imalowa m'gulu lake. Mankhwala ake ndi LRM yemweyo, koma mumuike pamene liwu lachiarabu lathera, mpata usanabwere.

Popeza LRM saoneka, n'kosavuta kumufufuta mosadziwa pokonza mawu. Ine ndimamuika pomaliza, zonse zitakonzedwa, kenako ndimasindikiza pepala limodzi n'kupatsa mwini wake kuti awerenge nambalayo mokweza ndisanatulutse ena onsewo.