Kuwoloka Shire pa bwato: mutu uloze kuti, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji?

Amene anakwerapo bwato la nkhafi kuwoloka Shire m'chigawo cha kumunsi, kaya ku Chikwawa kaya ku Nsanje, anaona zimene wopalasa amachita. Doko limene mukupita liri apo patsidya, likuoneka bwinobwino, koma iye salozetsa bwato kumeneko. Amalikhotetsa mutu kuloza chakumtunda kwa mtsinje ngati akulowera kwina, ndipo bwato limayenda chammbali ngati nkhanu mpaka kukagunda pa doko penipeni. Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo chaka ndi chaka ndimaona ana akulephera funso la bwato ndi mtsinje pa mayeso, pomwe ena mwa iwo amawoloka madzi omwewo pobwera kusukulu. Zimandiwawa, chifukwa nzeru yake ali nayo kale m'maso, chongosowa ndi manambala.

Poyambira ndi apa. Bwato liri pamtsinje limakhala ndi maulendo awiri nthawi imodzi. Ulendo woyamba ndi umene nkhafi ikulipatsa, kulowera komwe mutu waloza. Ulendo wachiwiri ndi wa madzi, amene anyamula bwatolo ndi zonse ziri momwemo kupita nazo kumunsi. Munthu amene waima pagombe saona maulendo awiriwa padera, amaona zotsatira zake ataphatikizana. Ndiye tikati bwato likuthamanga mwakuti, tiyenera kufunsa kuti liwirolo tikuliyeza poyerekeza ndi madzi kapena ndi gombe. Mutu wonsewu wagona pa funso limeneli.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tinene kuti pamalo owolokera mtsinje ndi wotambalala mamita 120. Bwato lodzaza matumba ndi njinga, wopalasa akamapalasa pamadzi odikha ngati a padamu, limayenda mita imodzi pa sekondi. Madzi amtsinje akutsika pa mamita 0.6 pa sekondi. Liwiro la madzili si lovuta kupeza: ponyani kamtengo, muyeze mamita 30 m'mphepete mwa gombe, ndipo kakatenga masekondi 50 kudutsa mtundawo, 30 kugawa ndi 50 ndi 0.6.

Wopalasa wosazolowera amalozetsa mutu molunjika patsidya. Mphamvu yake yonse ikupita powoloka, choncho sekondi iliyonse amadya mita imodzi ya m'lifupi mwa mtsinje, ndipo amafika tsidya lina m'masekondi 120, mphindi ziwiri ndendende. Madzi samuchedwetsa ngakhale pang'ono, chifukwa akumukankha chammbali, osati kumubwezera kumene wachokera. Apa ndi pamene anthu ambiri amakana, koma ndi momwemo. Chimene madzi amachita ndi kumutaya. Pa masekondi 120 aja akhala akumukokera kumunsi mamita 0.6 sekondi iliyonse, ndiye akakocheza mamita 72 kumunsi kwa doko, mwina m'bango ndi m'matope momwe munthu sangatsitsiremo katundu.

Pali msampha umene umakola ana anga ambiri pamenepa. Amawerengera bwino liwiro la bwato monga likuonekera kwa munthu wa pagombe, pogwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras: √(1² + 0.6²), zomwe zimapereka pafupifupi 1.17. Kenako amagawa mamita 120 ndi 1.17 n'kupeza masekondi 103, ngati kuti madzi awathandiza kuwoloka msanga. Cholakwa n'chakuti liwiro la 1.17 ndi la njira yopendekeka imene bwato ladutsa, ndipo njirayo si mamita 120 ayi, ndi pafupifupi mamita 140. Mukagawa 140 ndi 1.17 mubwerera pa masekondi 120 omwe aja. Mtunda ndi liwiro zimene mukugawa ziyenera kuloza mbali imodzi.

Tsopano wopalasa wodziwa ntchito, amene akufuna kukafika pa doko loyang'anizana ndi pamene wanyamukira. Iyeyu amagawa mphamvu yake pawiri. Gawo lina limalimbana ndi madzi, ndipo liyenera kufanana ndendende ndi liwiro la madziwo kuti bwato lisatsike. Lotsalalo ndi limene limamuwolotsa. Mukajambula, mupeza chithunzi cha makona atatu: mbali yaitali yopendekeka ndi liwiro la bwato, 1, mbali yotsata gombe ndi liwiro la madzi, 0.6, ndipo mbali yachitatu ndi liwiro lowolokera. Ngodya yokhotetsera mutu, kuyeza kuchokera pa mzere wolunjika patsidya, imapezeka motere:

sin θ = 0.6 ÷ 1 = 0.6

Ngodya imeneyi ndi madigiri pafupifupi 37, kuloza kumtunda. Liwiro lowolokera ndi √(1² − 0.6²), lomwe ndi mamita 0.8 pa sekondi. Taonani kuti apa tikuchotsera, sitikuphatikiza, chifukwa liwiro la bwato ndilo lakhala mbali yaitali. Mamita 120 kugawa ndi 0.8 ndi masekondi 150. Wachedwa ndi theka la mphindi poyerekeza ndi mnzake uja, koma watsitsa anthu pouma.

Wopalasa alibe choyezera madigiri m'bwato. Chimene angachite, ndipo n'chimene oyendetsa zombo amachitanso, ndi kusankha zinthu ziwiri patsidya zimene zandondozana, monga mtengo wa pa doko ndi mgwalangwa wina kumbuyo kwake. Zikakhalabe pamzere umodzi, bwato likuwoloka molunjika. Mtengo wapafupi ukayamba kusunthira kumtunda poyerekeza ndi wakutali uja, madzi akumutenga, akhotetsenso mutu. Njira imeneyi imathetsa vuto limene masamu athu analizemba, lakuti madzi sathamanga mofanana mtsinje wonse. M'mbali amakhala ofatsa, pakati ndi pokuya amakoka kwambiri, choncho madigiri 37 aja m'moyo weniweni amasinthasintha ulendo uli mkati.

Nyengo yadzinja ndi imene imaonetsa kuopsa kwa nkhaniyi. Madzi akakwera kufika pa mamita 0.9 pa sekondi, wopalasa yemwe uja ayenera kukhotetsa mutu madigiri 64, ndipo chomutsalira chowolokera ndi mamita 0.44 okha pa sekondi. Ulendo wa masekondi 150 uja wasanduka wa masekondi pafupifupi 275. Madzi angowonjezera theka la liwiro lawo, koma nthawi yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo manja atopa bwato liri pakati pa mtsinje. Madzi akafanana liwiro ndi bwato, mphamvu yonse imathera kulimbana nawo, palibe chotsala chowolokera.

Nanga akaposa? Tinene kuti afika pa mamita 1.2 pa sekondi. Mukayesa sin θ = 1.2 pa makina owerengera, akukanirani, ndipo akukana zoona: palibe ngodya imene ingakufikitseni pa doko loyang'anizana nanu. Kuwoloka n'kotheka, koma kutengedwa n'kosapeweka. Mukalozetsa mutu molunjika, mufika m'masekondi 120 omwe aja, koma mamita 144 kumunsi. Mukafuna kuchepetsa mtunda wotengedwawo, manambala amatembenuka, sin θ = 1 ÷ 1.2, madigiri pafupifupi 56. Pamenepo ulendo umatenga masekondi 217 ndipo mumakocheza mamita 80 kumunsi. Kukhotetsa kuposa apa sikuthandiza, chifukwa mumakhalitsa pamadzi ndipo amakutengani kwambiri.

N'chifukwa chake madzi akadzaza mumaona wopalasa akuyamba wakwera kumtunda, akukwawa m'mphepete mwenimweni mwa gombe momwe madzi ndi ofooka, nthawi zina akukankha ndi mtengo kapena kugwira bango. Akugula pasadakhale mamita 80 amene akudziwa kuti mtsinje umulanda. Akafika pamene waona kuti pakwana, ndi pamene amatembenuza mutu n'kulowa pakati.