Chizindikiro chochenjeza makolo pa nyimbo sichinali lamulo la boma

"Kodi si boma la Amereka limene linalamula kuti nyimbo zolaula ziziikidwa chizindikiro chija chakuda ndi choyera cholembedwa kuti Parental Advisory?"

Ayi, lamulo lotero silinakhazikitsidwepo. Nkhaniyi inayamba pamene Tipper Gore, mkazi wa wandale wa ku Amereka, anagulira mwana wake wamkazi wa zaka 11 chimbale cha Prince, n'kumvamo mawu olaula amene pachikuto panalibe chowasonyeza. Mu 1985 iye ndi amayi anzake, kuphatikizapo Susan Baker, anayambitsa PMRC, bungwe lofuna kuti makolo azichenjezedwa za nyimbo zotere. Dandaulo lawo linali lomveka ndithu: kholo lidziwe zimene likugula. Iwo ankafuna zilembo zosiyanitsa nyimbo zogonana, zachiwawa, zamowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso zamatsenga.

Chimene chimasokoneza anthu ndi msonkhano wa komiti ya Seneti, imodzi mwa nyumba za malamulo za ku Amereka, wa pa 19 Seputembala 1985, kumene oimba Frank Zappa, Dee Snider ndi John Denver anakatsutsa ganizoli. Mwamuna wa Tipper, Al Gore, anali m'komitimo, ndipo zimenezi zinachititsa mantha makampani a nyimbo. Mu Novembala bungwe lawo la RIAA linavomera lokha chenjezo limodzi, osati zilembo zija, ndipo kampani iliyonse inkadzisankhira pomata. Chizindikiro chakuda ndi choyera chija, chofanana m'makampani onse, chinabwera mu 1990.

Koma chopanda lamulocho chinaluma kumsika. Masitolo a Walmart anakana kugulitsa zimbale zomatidwa, choncho oimba anayamba kutulutsa zimbale ziwiriziwiri, china chofufutidwa mawu oipawo. Amene anamatidwa kwambiri pambuyo pake anali oimba rapu, ngakhale mkangano unayambira pa roko.