Mzere wofiira wa haidirojeni: pomwe chithunzi cha Bohr chimalondola ndi pomwe chimaphonya

Mukatsekera mpweya wochepa wa haidirojeni m'chubu cha galasi n'kudutsitsamo magetsi amphamvu, chubucho chimawala mofiirira. Kuwalako mukakudutsitsa pa kampata kopyapyala kenako m'pulizimu, galasi logawa kuwala m'mitundu yake, utawaleza wathunthu simuuona. Mumaona mizere inayi yokha mumdima: wofiira pa nanomita 656, wobiriwira pa 486, wabuluu pa 434, ndi wapepo wozimiririka pa 410. Manambalawa ndi kutalika kwa funde la kuwala, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita. Johann Balmer anapeza fomula yolumikiza mizereyi mu 1885, koma chimene chimachititsa sichinkadziwika mpaka mu 1913 pamene Niels Bohr anachifotokoza.

Bohr anati elekitironi imazungulira phata la atomu m'njira zololedwa zokha, ndipo njira iliyonse ili ndi mphamvu yakeyake, ngati masitepe a makwerero omwe pakati pake palibe poponda. Kwa atomu iliyonse yokhala ndi elekitironi imodzi, mphamvu ya sitepe ndi iyi:

```
E = -13.6 × Z² / n²  (eV)
```

Z ndi chiwerengero cha mapulotoni m'phata, n ndi nambala ya sitepe, ndipo eV ndi muyeso wa mphamvu zing'onozing'ono za m'maatomu. Chizindikiro chochotsera chikutanthauza kuti elekitironi ndi yomangika: pa sitepe yoyamba ya haidirojeni pamafunika 13.6 eV kuti muichotse.

Tiyeni tiwerengere mzere wofiira uja. Haidirojeni ili ndi pulotoni imodzi, choncho sitepe yachitatu ili pa -1.511 eV ndipo yachiwiri ili pa -3.400 eV. Elekitironi ikatsika kuchoka pa yachitatu kufika pa yachiwiri, 1.889 eV yotsalayo imatuluka ngati kachidutswa kamodzi ka kuwala, kotchedwa fotoni. Kuti mupeze kutalika kwa funde m'nanomita, gawani 1240 ndi mphamvuyo, ndipo mupeza pafupifupi 656.4. Mabuku ambiri amalemba 656.28, koma musafulumire kuganiza kuti mwalakwitsa. Funde limafupika pang'ono likamadutsa mumpweya, ndipo mzere womwewo ukayezedwa pamalo opanda mpweya umakhala pa 656.46. Mizere ina itatu ija imabwera potsika kuchoka pa sitepe 4, 5 ndi 6 kufika pa yachiwiri yomweyo. Kutsikira pa yoyamba kumatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, monga mzere wa pa 121.6.

Mayeso enieni a ganizoli anali pa hiliyamu. Atomu ya hiliyamu ili ndi mapulotoni awiri ndi maelekitironi awiri, koma ikataya elekitironi imodzi imasanduka yofanana ndi haidirojeni, Z yake n'kukhala 2. Ambiri amalakwitsa apa pochulukitsa ndi 2 m'malo mwa 4. Sitepe yoyamba imakhala pa -54.4 eV. Werengerani kutsika kuchoka pa 6 kufika pa 4, mupeza 1.889 eV yomwe ija. Kuchoka pa 7 kufika pa 4 kumapereka mzere wa pafupifupi 541, womwe umagwera pakati pa wofiira ndi wobiriwira wa haidirojeni. Edward Pickering anaona mizere yapakatiyi m'kuwala kwa nyenyezi ina mu 1896, ndipo inkaganiziridwa kuti ndi ya haidirojeni ya mtundu wachilendo. Bohr anati ndi ya hiliyamu.

Komabe mizere yooneka ngati mapasayo siigwera pamodzi ndendende: wa hiliyamu uli pa 656.01, wa haidirojeni pa 656.28. Chifukwa chake n'chakuti phata silikhala chilili. Nalonso limagwedezeka pokokana ndi elekitironi, ndipo lopepuka limagwedezeka kwambiri. Pulotoni imalemera kuwirikiza elekitironi ka 1836, pomwe phata la hiliyamu limalemera kuwirikiza pafupifupi ka 7300. Mukaika kugwedezekako m'masamu, kusiyana kwa 0.27 kumatuluka kokha. Apa chithunzi cha Bohr chinapambana mosakayikitsa, ndipo mpake kuchiphunzitsabe mpaka lero.

Mavuto amayamba mukauyang'anitsitsa mzere wofiirawo ndi chida chakuthwa. Albert Michelson ndi Edward Morley anali ataona kale mu 1887 kuti si mzere umodzi koma iwiri yoyandikana, yotalikirana mosakwana nanomita 0.02. Fomula ili pamwambayi ili ndi n yokha, choncho kugawikaku sikuiona. Mu 1916 Arnold Sommerfeld anawonjezera njira zozungulira mosongoka ngati dzira, n'kuwerengeranso liwiro lalikulu la elekitironi, ndipo manambala anagwirizana, ngakhale kuti chifukwa chenicheni sichinali chimenecho. Elekitironi payokha ili ngati kamaginito kakang'ono, khalidwe lotchedwa sipini, ndipo masamu a Paul Dirac a mu 1928 ndiwo anaika zimenezi pamalo pake.

Koma vuto limene likuonetsa bwino kuti njira yozungulira kulibe ndi ili. Malinga ndi masamu a Erwin Schrödinger a mu 1926, elekitironi siili pa kadontho kamodzi kothamanga mozungulira. Ili ngati mtambo wosonyeza pomwe ingapezeke, ndipo sitepe imodzi imatha kukhala ndi mitambo ya maonekedwe osiyana. Pa sitepe yachiwiri pali 2s, wobulungira mbali zonse, ndi 2p, wa zigawo ziwiri mbali iyi ndi iyo ya phata. Mphamvu zake n'zofanana pafupifupi ndendende, ndiye mwa kuganiza kwa Bohr elekitironi iyenera kutsikira pa sitepe yoyamba mofanana. Si mmene zimachitikira. Ya pa 2p imatsika m'nanosekondi 1.6 n'kutulutsa mzere wa 121.6 uja. Ya pa 2s imakhalitsa pafupifupi sekondi 0.12, nthawi yotalika kuwirikiza koposa ka 70 miliyoni, ndipo potsika imatulutsa mafotoni awiri ogawana mphamvuyo mosiyanasiyana, kotero kuti mzere wakuthwa suoneka.

Chimaitsekereza n'chiyani? Fotoni ikamachoka imatenga muyeso umodzi wa mphamvu yozungulira, choncho nambala ya kuzungulira kwa mtambo, yolembedwa l, iyenera kusintha ndi 1. Pa 2p nambalayi ndi 1, pa sitepe yoyamba ndi 0, ndiye khomo n'lotseguka. Pa 2s ndi 0, kopitako ndi 0, khomo n'lotseka. Taonani mfundo yabisala pamenepa: pa sitepe yoyamba elekitironi ilibe kuzungulira kulikonse, pomwe Bohr anaipatsa muyeso umodzi wathunthu. Mtunda wa nanomita 0.053 umene Bohr anawerengera njira yoyambayo udakali wolondola, koma tanthauzo lake tsopano ndi mtunda wochokera pa phata pomwe elekitironi imapezeka kawirikawiri. Lamulo la kusintha kwa l ndilo limathandizanso kufotokoza chifukwa chake mizere ina imawala kwambiri ndipo ina siioneka n'komwe, funso lomwe njira zozungulira sizinaliyankhe. Ndipo mu 1947 Willis Lamb ndi Robert Retherford anapeza kuti 2s ili pamwamba pang'ono pa gawo lina la 2p ndi mphamvu ya fotoni ya megahetsi pafupifupi 1000, kutanthauza mafunde pafupifupi biliyoni imodzi pa sekondi, kusiyana komwe ngakhale masamu a Dirac sanakuone.

Malire ena ndi osavuta kuwayesa nokha. Fomulayi ndi ya elekitironi imodzi basi. Mukaigwiritsa ntchito pa hiliyamu yomwe idakali ndi maelekitironi ake onse awiri, ikuuzani kuti kuchotsa yoyamba kumafuna 54.4 eV, pomwe zoyeza zimapereka 24.6 eV, chifukwa maelekitironi awiriwo amakankhana ndipo iliyonse imaphimbira inzake mbali ya chikoka cha phata. Yoyambayo ikachoka, kuchotsa yotsalayo kumafunadi 54.4 eV.